Ndege imodzi, manambala anayi a liwiro: woona ndi uti?

"Akuluakulu a m'gulu muno, ndithandizeni. Ndikuulutsa Boeing 737 pa simyuleta, ndili pa mafiti 35,000. Kumanzere kwa sikirini kukuonetsa 265, pena pakulemba TAS 450, GS ikuti 530, ndipo buku likunenanso za CAS. Ndegeyi ikuthamanga bwanji kwenikweni? Kapena gemu yanga yasokonezeka?"

Achimwene, gemu yanuyo ili bwinobwino, musaifufute. Manambala onsewo ndi oona, kungoti iliyonse ikuyankha funso lakelake.

Tiyambe ndi 265 uja, amene pa sikirini ndi m'mabuku amamulemba IAS. Chida chimenechi sichiyeza liwiro monga imachitira sipidomita ya galimoto, chifukwa m'mwamba mulibe tayala loti lizizungulira. Chimayeza mphamvu imene mpweya ukumenya nayo ndege. Chakumphuno kwa ndege kuli kachitoliro koyang'ana kutsogolo, kotchedwa pito, ndipo m'mbali mwa thupi la ndege muli timabowo tina tomwe timamva mpweya wongokhala, wosakankhidwa. Chidacho chimatenga kusiyana kwa mbali ziwirizi n'kukusandutsa nambala. Munatulutsapo dzanja pawindo la minibasi ikuthamanga? Kukankha kumene chikhatho chimamva kuja ndiye IAS. Ndipo nambala imeneyi ndi imene mapiko amamva. Phiko silidziwa kuti pansi midzi ikudutsa mofulumira bwanji, limangodziwa kuchuluka kwa mpweya umene ukuligunda. N'chifukwa chake liwiro limene ndege imasiya kunyamulidwa ndi mapiko, komanso malire otulutsira mafulapu ndi matayala, zonse amazilemba m'nambala imeneyi.

Za CAS sindichedwapo. Timabowo ta m'mbali tija sitimva mpweya wodekha weniweni, chifukwa ndegeyo ikamadutsa imauvundula, ndiye chidacho chimanamako pang'ono. Mukachotsa kabodza kameneko mwapeza CAS. M'ndege zing'onozing'ono ngati Cessna 172 muli tebulo m'buku la ndegeyo, lolembedwa m'manoti, muyezo wa liwiro la ndege: ikamayenda paulendo kusiyanako ndi noti imodzi kapena ziwiri, koma ikamauluka pang'onopang'ono mphuno ili m'mwamba kumafika manoti angapo. M'ndege zikuluzikulu kompyuta imakonzeratu isanakuonetseni, choncho 265 wanuyo mungomutenga ngati CAS kale.

Pamene pagona nkhani m'pakati pa 265 ndi 450. Chida chija anachitchera ngati kuti ndege nthawi zonse ili pagombe la nyanja yamchere, tsiku lotentha madigiri 15, pomwe mpweya wodzaza kiyubiki mita imodzi umalemera makilogalamu 1.225. Pa mafiti 35,000 mpweya ndi wopepuka kwambiri, sufika n'komwe gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kumeneko, ndipo kunja kumazizira cha m'ma madigiri 54 pansi pa ziro. Kuti mpweya wochepa chonchi ukankhe pito ndi mphamvu ya 265, ndege iyenera kuudula mothamanga zedi. Kuthamanga kwenikweni kodula mpweyako ndiye TAS. Oyendetsa ndege ali ndi kawerengedwe kapamtima: pa mafiti 1,000 alionse onjezani 2 peresenti. Inu muli pa 35,000, ndiye 70 peresenti. Chulukitsani 265 ndi 1.7, mupeza 450 ndi kakusefukira. Mwaiona TAS yanu ija? Kawerengedweka ndi kongoyerekeza, musakadalire pa mayeso, chifukwa kutentha kwa tsikulo kumasintha yankho, ndiponso pa liwiro lotere mpweya umapanikizika kukamwa kwa pito n'kukweza nambala pang'ono. Kompyuta ya ndege imawerengera zonsezo.

Yesani izi pa simyuleta yanuyo. Kwerani mutagwira manoti 280 osasintha, maso ali pa TAS. Muona ikungokwerakwera pamene nambala yakumanzere ili phee. Mukangopitirira mafiti 32,000 ndege isiya kutsata manoti n'kuyamba kutsata nambala ya Maki, ija imaoneka ngati .78, kutanthauza magawo 78 pa 100 a liwiro la phokoso. Kuchokera pamenepo mukamakwerabe, IAS imayamba kutsika. Pamalo pamene muliripo phokoso limayenda pafupifupi manoti 576, ndipo 0.78 ya 576 ndi 450 yemwe uja.

Tsopano GS. Ganizani za munthu wopalasa bwato mu Shire. Mphamvu ya nkhafi yake ndi imodzimodzi, koma akamatsetsereka ndi madzi bango la m'mphepete limadutsa mofulumira, ndipo akamakwera mtsinje amaoneka ngati waima. Mpweya umene ndege ikudula nawonso ukuyenda. TAS ndi liwiro la bwato pamadzi, GS ndi liwiro lake kwa munthu woima kumtunda. Inu 530 kuchotsa 450 kwatsala 80: muli ndi mphepo ya manoti 80 yokukankhani kumbuyo. Noti imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola, ndiye pansi mukudutsa pafupifupi makilomita 980 pa ola, ndipo nambala imeneyi ndi ija apaulendo amaiona pa kasikirini ka kumsana kwa mpando. Mutatembenuka kubwerera, injini osazikhudza, 265 ndi 450 sizisuntha, koma GS igwa kufika 370. Mphepo yomweyo ikamachokera m'mbali sichotsa zambiri: mumapendeketsa mphuno madigiri 10 kuloza kumene ikuchokera, GS n'kukhala cha m'ma 443.

Pali msampha wina umene ambiri amagweramo, woganiza kuti zimene mphepo yakulandani popita ikubwezerani pobwera. Tengani ulendo wa mamailosi a panyanja 1,800, pokumbukira kuti noti imodzi ndi mailosi imodzi ya panyanja pa ola. Kopanda mphepo ndi maola 4 kupita, 4 kubwera, onse 8. Ndi mphepo ya 80 ija, mbali yokankhidwa mutenga maola 3 ndi mphindi 24, mbali yolimbana nayo maola 4 ndi mphindi 52. Kuphatikiza, maola 8 ndi mphindi 16. Mwaluza mphindi 16, chifukwa mumakhalitsa mu mphepo yokutsekerezani kuposa mu yokuthandizani. Mafuta ndi nthawi yofikira amaziwerengera pa GS pa chifukwa chimenechi.

Mu February 2020, nthawi ya namondwe wotchedwa Ciara, Boeing 747 ya British Airways inachoka ku New York n'kufika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56, GS yake itapitirira makilomita 1,200 pa ola. Anthu ena pa intaneti anafuula kuti yaposa liwiro la phokoso. Ayi ndithu. Mkati mwa mpweya umene unainyamula inkayenda monga mwa masiku onse, mtsinje wa mphepowo ndi umene unali waukali.

Chinanso choti muyesere, ngati simyuleta yanu imalola kuika zovuta: tsekani pito. IAS, CAS, TAS ndi Maki zonse zimamwa pachitsime chimodzi, ndiye kachitoliro kaja kakatsekeka ndi ayezi zonse zimanama pamodzi. Kakatsekeka kukamwa kokha nambala imagwa, koma kakatsekeka pamodzi ndi kabowo kake kotulutsira madzi, nambala imauma pamalo amodzi, kenako mukamakwera imakwera, mukamatsika imatsika, ngati chida choyezera kutalika. Ngozi ya Air France 447, yochoka ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, imene inachitika pa 1 June 2009, inayamba ndi mapito otsekeka ndi ayezi. GS yokha ndi imene imachokera kwina, ku GPS ndi zida zomva kayendedwe ka ndege. Choncho mukaona 265 wagwa mwadzidzidzi kufika 100 pamene GS ikadali 530, injini zikulira chimodzimodzi ndipo mphuno sinasunthe, ndege sinachepetse liwiro, chida ndicho chikunama. Musakoke chiwongolero. Siyani mphuno pomwe inali, pamwamba pang'ono pa mzere wa pakati wa chida choonetsa kupendekeka kwa ndege, mphamvu ya injini ikhale yomweyo, muonetsetse kuti chotenthetsa pito chayaka, kenako mutsegule buku la zovuta.