Lole ya K20 miliyoni: tichotse mofanana chaka chilichonse, kapena tichotse pa zotsala?

"Ndili ku Luchenza, ndipo ndagula lole ya K20,000,000 yonyamulira nthochi ndi chinanazi kupita ku Limbe. Ndikufuna kuigwiritsa ntchito zaka 5, kenako ndidzaigulitse mwina pa K4,000,000. Wondilembera mabuku akuti pali njira ziwiri zotsitsira mtengo wake m'mabuku. Zimasiyana bwanji, nanga yondiyenera ndi iti?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Ndalama imene loleyo idzakudyereni pa zaka zisanuzo ndi K16,000,000, kutanthauza mtengo wogulira kuchotsapo umene mukuyembekezera kudzagulitsira, ndipo njira ziwirizi zimangosiyana pa kagawidwe ka ndalamayi ku chaka chilichonse.

Njira yochotsa mofanana imagawa K16,000,000 ndi 5, choncho chaka chilichonse mumalemba K3,200,000 m'gulu la ndalama zimene bizinesi yawononga. Njira yochotsa pa zotsala imatenga peresenti imodzimodzi chaka chilichonse, tinene 25, koma imaiwerengera pa mtengo umene watsala m'mabuku poyamba chakacho. Chaka choyamba mumachotsa K5,000,000, chachiwiri mumachotsa 25 peresenti ya K15,000,000 imene ndi K3,750,000, ndipo chachitatu mumachotsa K2,812,500, imene yatsika kale kuposa ya njira yoyamba ija. Mtengo wa m'mabuku pakutha kwa chaka chilichonse umakhala motere:

| Chaka | Kuchotsa mofanana | Kuchotsa pa zotsala |
|---|---|---|
| 1 | K16,800,000 | K15,000,000 |
| 2 | K13,600,000 | K11,250,000 |
| 3 | K10,400,000 | K8,437,500 |
| 4 | K7,200,000 | K6,328,125 |
| 5 | K4,000,000 | K4,746,094 |

Yang'anitsitsani mzere womalizawo. Njira yachiwiri sinafike pa K4,000,000, yaima pamwamba pake ndi K746,094, chifukwa 25 peresenti tinangoisankha popanda kuigwirizanitsa ndi mtengo wodzagulitsira. Peresenti imene ingakufikitseni pomwepo ili pafupi ndi 27.5, ndipo mu Excel mumaipeza polemba izi:

```
=1-(4000000/20000000)^(1/5)
```

Pali cholakwika chimodzi chimene ndimachiona kawirikawiri m'mabuku a mabizinesi ang'onoang'ono. Munthu amayamba wachotsa K4,000,000 ija, n'kuwerengera 25 peresenti pa K16,000,000, monga kuti akusakaniza njira ziwirizi. Pa njira yochotsa pa zotsala, peresenti ya chaka choyamba imawerengeredwa pa mtengo wonse wogulira, choncho mukaona K4,000,000 m'malo mwa K5,000,000 pa chaka choyamba, dziwani kuti mizere yonse yotsatira yalakwika.

Kusiyana kwa njirazi kumaonekera kwambiri mukagulitsa galimoto nthawi isanakwane. Tiyerekeze kuti pakutha kwa chaka chachiwiri munthu wakupatsani K13,000,000. Pa njira yoyamba mabuku adzasonyeza kuti mwaluza K600,000, chifukwa loleyo inalembedwa pa K13,600,000, pamene pa njira yachiwiri adzasonyeza phindu la K1,750,000. Komatu m'thumba mwanu mwalowa ndalama imodzimodzi, ndipo pa njira zonse ziwiri loleyo yakudyerani K7,000,000 pa zaka ziwirizo.

Ine ndikanakhala inu ndikanasankha kuchotsa pa zotsala. Lole imene imakwera zitunda za ku Thyolo itasenza nthochi, n'kumalowanso m'misewu yafumbi ya m'midzi nthawi ya dzinja, imagwira ntchito yambiri ikadali yolimba, ndipo ikafika chaka chachinayi imayamba kugona kwa makaniko, lero masipuling'i, mawa giyabokosi. Mukachotsa zambiri poyamba pamene zokonzetsa zili zochepa, ndi zochepa kumapeto pamene zokonzetsa zachuluka, mtolo wa galimotoyo pa phindu lanu umakhala wofananirako chaka ndi chaka. Kuchotsa mofanana kumayenera bwino zinthu monga nyumba yosungiramo katundu, imene imakutumikirani chimodzimodzi zaka zonse. Njira imene mwasankha muitsatire mpaka kumapeto, pokhapokha kagwiritsidwe ntchito ka loleyo katasinthadi.

Musaiwale kuti mtengo wa m'mabuku si mtengo wa pamsika. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya magalimoto inakwera, ngakhale ya akale omwe, pamene m'mabuku inkangotsikabe, choncho musadzatchule mtengo kwa wogula poyang'ana mizere ili pamwambayi.

Pa nkhani ya msonkho, bungwe la MRA sililandira ndalama imene mwatsitsa m'mabuku anu. Powerengera msonkho ndalamayo imabwezeredwa pa phindu, kenako m'malo mwake mumachotsa imene lamulo la msonkho limalola pa galimoto ya mtundu umenewo. Wokulemberani mabuku asunge ndondomeko ziwiri za loleyo, ya m'mabuku anu ndi ya msonkho, kuyambira chaka chimene mwagula chino.