Matayala a njinga zamoto ochokera ku Joni: manambala atatu a pa Form 12

"Abale a m'gulu muno, ndimasunga mabuku a shopu ya achimwene anga ya zipangizo za njinga zamoto kuno ku Limbuli. Taitanitsa matayala 200 ndi matcheni 300 ku Joni. Ejenti watipatsa mulu wa mapepala ndi bilu yoti tilipire. Kodi nambala ya msonkho, mtengo umene anauza a kasitomu ndi dziko lochokera katundu ndizipeza pati, kuti ndidziwe kuti tayala limodzi latifikira pa zingati?"

Achemwali, pa mulu wonsewo patulani mapepala anayi okha: invoisi ya wogulitsa, pepala la wamtengatenga losonyeza ndalama ya thiransipoti, Form 12 imene ejenti analowetsa m'makina a pa kompyuta a MRA otchedwa ASYCUDA World, ndi lisiti la msonkho. Ngati pali satifiketi ya SADC, iikeni pambali, tiifika. Ngati ejenti wakupatsani bilu yake yokha popanda Form 12, muuzeni mwaulemu kuti akupatseni, ndi yanu, dzina la achimwene anu ndi limene lili pamenepo. Bilu ya ejenti imangonena zimene iye akufuna mumupatse, pamene Form 12 imanena zimene boma linauzidwa. Ntchito yanu ndi kuona ngati zimene boma linauzidwa zikufanana ndi zimene zili pa invoisi komanso zimene zili m'katoni.

Chinthu chimodzi chimasokoneza anthu ambiri poyamba. Fomuyi ili ndi mbali ya pamwamba yokamba za katundu yense pamodzi, ndiye m'munsi mtundu uliwonse wa katundu uli ndi gawo lakelake. Inu muli ndi mitundu iwiri, choncho muyenera kuona magawo awiri, lachiwiri nthawi zambiri limakhala pa tsamba lotsatira. Mukapeza gawo limodzi lokha lolembedwa motorcycle spares, dziwani kuti pali nkhani.

Nambala ya msonkho ili mu bokosi 33, pamene palembedwa Commodity code. Manambala asanu ndi limodzi oyamba ndi ofanana pa dziko lonse, awiri otsatira ndi a buku la misonkho la kuno ku Malawi. N'chifukwa chake nambala imene wa ku Joni walemba pa invoisi yake musaimeze yonse, tengani manambala asanu ndi limodzi oyambawo basi, mchira wake ndi wa kwawo. Matayala atsopano a njinga yamoto ndi 4011.40. A njinga yakapalasa ndi 4011.50, manambala oyandikana koma katundu wosiyana. Tcheni cha njinga yamoto ndi 7315.11, chimawerengedwa ngati tcheni chachitsulo osati ngati chipangizo cha njinga. Zipangizo zina za njinga yamoto zimene zilibe malo awoawo m'bukumo ndi zimene zimapita ku 8714.10. Ejenti wothamanga amakonda kuunjika zonse pa 8714.10 chifukwa invoisi yati ndi zanjinga, komatu lamulo la manambalawa ndi lakuti chinthu chimene chatchulidwa ndi dzina lake penapake chimapita kumeneko. Zikaunjikidwa, mwina mwalipira wochuluka osadziwa, mwina wochepa. Wochepawo musasangalale nawo, a MRA ali ndi mphamvu yobweranso kudzafufuza mapepala katundu atagulitsidwa kalekale, ndipo wolipira kusiyanako ndi chindapusa chake ndi mwini katundu.

Tsopano dziko lochokera, pamene ndikuganiza kuti pali ndalama yanu yambiri. Pa fomuyi pali mayiko awiri. Bokosi 15 ndi dziko limene katundu wakwerera galimoto, kwa inu ndi South Africa. Bokosi 34, limene lili m'gawo la katundu aliyense, ndi dziko limene katunduyo anapangidwa, ndipo amalemba zilembo ziwiri: ZA ndi South Africa, CN ndi China, IN ndi India, MZ ndi Mozambique. Msonkho umatsatira bokosi 34. Kugula chinthu ku Joni sikuchisandutsa cha ku Joni, monganso nsomba ya ku Mangochi siikhala ya ku Mulanje chifukwa mwaigula pa Chitakale.

Ndiye dzukani pa desiki, pitani kumene mwasunga katunduyo, tengani tayala limodzi muliyang'ane m'mbali. Pafupi ndi pamene palembedwa saizi, monga 3.00-18, pamakhala mawu otukuka pa labala akuti Made in China kapena Made in India. Katoni ya matcheni nayo muiwerenge. Matayala ambiri a njinga za kabaza amene timaona kuno amapangidwa ku Asia, ogulitsa a ku Joni amangoitanitsa n'kugulitsanso. Ngati tayala likuti China, bokosi 34 liyenera kunena CN, ndipo msonkho ndi wathunthu.

Kuchotseredwa msonkho kwa SADC kumabwera pokhapokha zinthu zitatu zitagwirizana: katundu anapangidwadi m'dziko la SADC motsatira malamulo ake, pali satifiketi yodindidwa ndi akuluakulu a dziko limene wachokera, ndipo ejenti wapempha kuchotserako mu bokosi 36. Muone ngati nambala ya invoisi, kuchuluka kwa katundu ndi nambala ya msonkho zimene zili pa satifiketi ndi zomwezo za pa Form 12. Mukapeza ZA mu bokosi 34, msonkho uli ziro, koma tayala likuti China, musawerengere phindu pa ziro ameneyo, ndi ngongole imene sinafike tsiku. Zimachitikanso mosemphana: katundu ndi wa ku South Africa weniweni, satifiketi ilipo, koma bokosi 36 lili lopanda kanthu, mwalipira msonkho umene simukanalipira. Kwa anzathu ogula kudzera pa Muloza, kumbukiraninso kuti Mozambique ili mu SADC koma siili mu COMESA, ndi South Africa chimodzimodzi, ndiye satifiketi ya COMESA kumeneko siingachokere.

Mtengo uli pa malo angapo, musadabwe kuti manambala ake sakufanana. Bokosi 22 ndi ndalama yonse ya pa invoisi, mu ndalama imene munagulira, liyenera kufanana ndendende ndi invoisi yanu. Bokosi 23 ndi mtengo wosinthira umene kasitomu inagwiritsa ntchito. Bokosi 42 ndi mtengo wa mtundu uliwonse wa katundu. Bokosi 46 ndiye mtengo wa kasitomu m'makwacha, umene msonkho umawerengeredwapo, ndipo umakhala wokulirapo chifukwa kuno timakhometsa pa CIF, kutanthauza katundu, inshuwalansi ndi thiransipoti mpaka kulowa m'dziko. Kuti mudziwe ngati thiransipoti ili kale mu invoisi, onani bokosi 20. Pakakhala EXW kapena FOB, ndiye kuti thiransipoti yofika kuno mulibe mu invoisi, iyenera kuwonjezedwa pamwamba. Pakakhala CIF kapena CIP mpaka malo a kuno, ili kale m'kati, ndipo ejenti akaiwonjezeranso mwalipira msonkho pa thiransipoti kawiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Simunatiuze mitengo, ndiye ndiika yanga yongoyerekeza, ndi maperesenti a msonkho omwe. Enieniwo muwatenge mu bokosi 47, pamene msonkho uliwonse uli pa mzere wake ndi ndalama imene wawerengeredwapo.

Tinene kuti tayala ndi R250, onse 200 ndi R50,000. Tcheni ndi R100, onse 300 ndi R30,000. Invoisi ndi R80,000, EXW. Thiransipoti mpaka pa Mwanza pamodzi ndi inshuwalansi ndi R12,000. Zonse ndi R92,000. Bokosi 23 likati randi imodzi ndi K100, mtengo wa kasitomu ndi K9,200,000. Matayala atenga R50,000 pa R80,000 ya invoisi, ndiye pa K9,200,000 gawo lawo ndi K5,750,000, lotsala K3,450,000 ndi la matcheni. Mukaphatikiza mabokosi 46 a magawo onse awiri muyenera kufika pa K9,200,000 pomwepo kapena pafupi kwambiri. Mukapeza K11,000,000, mwina a kasitomu sanakhutire ndi invoisi ndipo anakweza mtengo okha, mwina pali thiransipoti yalowa kawiri. Mukapeza K6,000,000, wina anapereka invoisi yochepetsedwa, funsani lero lomwe kuti ndi iti.

Msonkho wa matayala ukakhala 25 peresenti, ndi K1,437,500. Kuphatikiza ndi K5,750,000 ija ndi K7,187,500. VAT siiwerengeredwa pa invoisi, imakwera pamwamba pa mtengo wa kasitomu ndi msonkho, ndi ekisaizi ngati ilipo pa mzere wake. Pa 16.5 peresenti, imene inali pa mapepala a 2024, ndi K1,185,938, koma inu mutenge peresenti imene yalembedwa pa fomu yanu. Zonse ndi K8,373,438, tayala limodzi pafupifupi K41,870. Tayala lomwelo likanalowa pa ziro wa SADC likanakhala pafupifupi K33,500. Kusiyana kwake ndi K8,370 pa tayala, pa onse 200 ndi ndalama yoposa K1,670,000, yonse yochokera pa zilembo ziwiri za mu bokosi 34.

K41,870 imeneyo si mtengo wofikira pa shelefu ya ku Limbuli, ndi wofikira pa chipata. Onjezani malipiro a ejenti, zolipira kosungira katundu ngati anagona, galimoto yochoka pa Mwanza kapena ku Blantyre kudutsa Thyolo ndi Luchenza mpaka kwanu, ndi anyamata otsitsa. Ndipo pa mtengo wa katundu weniweniwo musagwiritse ntchito bokosi 23. Limenelo ndi lowerengera msonkho chabe. Ngati achimwene anu anapeza randi pa mtengo wokwera kuposa pamenepo, kuphatikiza zolipira ku banki, lembani ndalama imene inatulukadi m'thumba. Randi ikakhala kuti inawadya K130, tayala la R250 lawonjezeka K7,500 msonkho usanasinthe n'komwe. Masiku ano a kusowa kwa ndalama zakunja, ogulitsa ambiri amaluzira pamenepa akuganiza kuti akupindula.

Kagawidwe ka thiransipoti nakonso ndimakasintha ndikamawerengera shopu. Pamwambapa tagawa motsatira mtengo kuti tifanane ndi fomu, koma matayala amadya malo ambiri m'galimoto kuposa matcheni. Ngati wamtengatenga analipiritsa potengera malo, gawo lalikulu la R12,000 ija liikeni pa matayala, apo ayi matcheni azioneka odula kuposa mmene alili ndipo muziwakweza mtengo pachabe.

Za VAT, ngati shopu yanu inalembetsa VAT ku MRA, K1,185,938 ija mudzaichotsa pa imene mukutolera kwa ogula, choncho musaiike mu mtengo wa tayala, yambirani pa K35,940 kenako muonjeze zina zija. Ngati simunalembetse, ndi ndalama yopita, ilowe yonse.

Musanalipire bilu ya ejenti, phatikizani mizere yonse ya mu bokosi 47 ya magawo onse awiri, muone ngati ikufanana ndi lisiti la MRA, ndiponso ngati nambala yolembetsera imene ili pa lisitilo ndi yomweyo ya pa Form 12 yanu. Chilichonse chimene chili pa biluyo pamwamba pa ndalama imeneyo ndi cha ejenti kapena cha anthu ena, ndipo chilichonse chikhale ndi dzina ndi lisiti lake. Mukafuna tumizani chithunzi cha mabokosi 33, 34, 36, 46 ndi 47 m'gulu muno tiwerengere limodzi, koma muphimbe TPIN ndi dzina la achimwene anu.