Dokotala, pulofesa kapena madamu: kupatsa moni malekichala ku yunivesite

"Akuluakulu ndithandizeni, ndine mtsikana wa kwa Mkanda ku Mchinji ndasankhidwa kupita ku Bunda. Kodi malekichala timawapatsa moni bwanji, nawonso timawagwadira? Nanga timawatchula kuti aphunzitsi, sala, madamu kapena chani? Ndikuopa kukalakwitsa."

Achemwali, choyamba mwachita bwino zedi, kuchoka kwa Mkanda mpaka Bunda si masewera. Ine ndine wa kuno kwa Santhe ku Kasungu, ku yunivesite ndinadutsako ndiye ndikuuzani zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Chachikulu kwambiri si maondo ai, ndi udindo omwe mukuyika patsogolo pa dzina la munthuyo. Ku sekondale aliyense ogwira choko ndi sala kapena madamu basi nkhani yatha, koma uko anthu amasiyana ndipo kusiyanako anakuvutikira. Lekichala amene ali ndi digili yachiwiri ija timati masitazi amakhala Mr, Mrs kapena Ms. Amene anamaliza PhD ndi dokotala, pa chitseko pamalembedwa Dr, olo sanagwirepo jakisoni chibadwire, mwina udokotala wake ndi wa dothi kapena wa mbewu, ndipo imeneyo ndi sukulu ya zaka zitatu kapena zinayi pamwamba pa masitazi, ena zimapitilira. Upulofesa nawo si digili, ndi udindo omwe yunivesite imamukweza nawo munthu poona kafukufuku ndi zomwe wasindikiza, amayamba kaye Assoc. Prof kenako Prof. Onse awiriwa polankhula mumangoti a Pulofesa, simunena kuti wachiwiri kapena chani. Ndipo pulofesa kawirikawiri amakhala kuti ndi dokotala kale, ndiye mumatenga udindo waukuluwo umodzi, osawunjika kuti pulofesa dokotala bambo uje ngati mukuyendetsa mwambo wa chinkhoswe.

Udindowo uzitsagana ndi dzina la bambo, osati loyamba. Tiyerekeze dzina lawo ndi Phiri, ndi a Dokotala Phiri kapena a Pulofesa Phiri, ka "a" kaja musakasiye mukamayankhula Chichewa. Dzina mwayiwala, kungoti a Dokotala kapena a Pulofesa kumakwana.

Pano ndipamene ine ndinagwa ndiye ndikhalitsepo. Chaka choyamba ndinalowa mu ofesi ina momwe munkakhala malekichala awiri, abambo ndi amayi, ndimafuna andisayinire fomu. Abambo aja ndinati mwadzuka bwanji a Dokotala, kutembenukira kwa amayi ndinati mwadzuka bwanji madamu. Amayi aja sanakalipe, anangoyika cholembera pansi nkundiuza mofatsa kuti tulukani kaye muwerenge pa chitseko kenako mulowenso. Kutuluka panja, kapepala kali pompo, mayina awiri, la amayiwo ndi lomwe linali ndi Dr, abambo aja anali Mr. Ine mutu wanga unangoganiza okha kuti mwamuna wa jekete ndi imvi ndiye dokotala. Manyazi omwe ndinamva tsiku limenelo sindimayiwala, chifukwa mayi aja ndinawachotsera chinthu chomwe anachikhetsera thukuta nkuchipereka kwa munthu wina pamaso pawo. Ndinalowanso nkupepesa, anandisayinira bwinobwino. Anzanga ena ankati nkudzimva, ine ndimakana mpaka lero, amayi ophunzitsa amakumana nazo zimenezi pafupipafupi, anzawo aamuna akutchulidwa maudindo iwo akungomva madamu, anti, amayi. Inu ndinu mtsikana, mawa mukhoza kudzakhala pa mpando umenewo.

Ndiye musamaganizire poona nkhope, msinkhu kapena galimoto. Pali madokotala achichepere oti mukhoza kuwayesa ophunzira anzanu, palinso akuluakulu a imvi omwe ndi Mr. Sabata yoyamba lekichala aliyense amapereka pepala la ndondomeko ya kosi yake, dzina ndi udindo zimakhala pamwamba penipeni, koperani ku chikuto cha kope. Pa chitseko pamalembedwa, pansi pa imelo yawo pamalembedwa, ndipo tsiku loyamba akamadzitchula okha mvetserani. Zikakanika funsani wa chaka chachiwiri kapena a sekilitale a dipatimenti. Mwakumana nawo mwadzidzidzi musanadziwe, sala kapena madamu si chipongwe, zimapulumutsa, koma zikhale za tsiku limodzi osati semesita yonse. Kwa amayi musathamangire Mrs ngati sanalembe okha choncho, simukudziwa za banja lawo ndipo sizikukhudzani. Akakhala ansembe kapena abusa tsatirani mmene amadzitchulira eni ake.

Za kugwada, ai simugwada. Kwathu mwana wamkazi kulankhula ndi akulu ali chiimire timati alibe mwambo, ndikudziwa thupi lizikukokerani pansi lokha, koma mu ofesi ya lekichala zimamusowetsa mtendere mwini wakeyo, anthu odutsa amayesa mwalakwa chachikulu kapena mukupempha malikisi. Kupinda maondo pang'ono kapena kuwerama mutu kumakwana. Dzanja musayambe ndinu kupereka, akatambasula lawo landirani ndi lamanja kwinaku lamanzere litagwira mkono monga tinaleredwera, zimenezo aliyense amaziona kuti ndi ulemu.

China chomwe chimatisokoneza ife akumudzi: kwathu mlendo amati odi, amupatse pokhala, kenako eni khomo ndi amene amayamba moni. Uko zimatembenuka. Mumagogoda, mudikire akuuzeni kuti lowani, moni muyambe ndinu muli chiimire, mpando mukhale akakulozerani. Moni wakenso ndi waufupi, osafika ku ana ndi mvula ya kumudzi. Moni, dzina lanu, chaka ndi pulogalamu yanu, kenako chomwe mwabwerera, chifukwa munthu amene amaphunzitsa kalasi ya anthu mazana sangakudziweni nkhope. Yambani mu Chingerezi poti ndi chiyankhulo cha sukulu, komanso si onse omwe Chichewa ndi chawo, ena ndi ochokera kunja. Akatembenukira okha ku Chichewa atsatireni koma pa inu, mwaswera bwanji a Dokotala, osati bho bho, shapu kapena madala olo akhale ochezeka bwanji. Ngakhale mutapeza kuti ndi akwanu kwa Mkanda komweko, za ankolo ndi kutchulana mfunda zisiyeni kaye mpaka ayambe okha, ndiponso osati pamaso pa kalasi.

Pa imelo kapena pa WhatsApp ndi chimodzimodzi, mzere oyamba ukhale `Dear Dr Phiri` kapena `Dear Prof Phiri`, kenako dzina lanu lonse, nambala yanu ya regi yomwe sukulu imakupatsani polembetsa, ndi kosi, nkhani yonse mu uthenga umodzi. Osangotumiza moni yekha nkumadikira kuti ayankhe kaye, ambiri sayankha nambala yachilendo yomwe yangoti moni. Kufulasha ndiye ai ndithu, ndipo usiku musawayimbire. Ngati nkhani ndi ya kalasi yonse dutsirani kwa kilasi repu, wophunzira mnzanu oyimira kalasi yonse, ntchito yake ndi imeneyo.

Mukalakwitsa akakukonzani, pepesani kamodzi, tchulani bwino pompo nkupitiliza zomwe mwabwerera. Ndipo dziwani kuti udindo umasintha muli konko, lekichala yemwe chaka choyamba anali Mr akhoza kupita kukaphunzira nkubwera ali Dr inu muli chaka chachinayi, ndiye semesita iliyonse yang'anani pa chitseko paja kachiwiri musanagogode.