Kulengeza za chinkhoswe ndi mawu anuanu, osati okopera

"Asisi, ndimakhala ku Area 25. Abwenzi anga andifunsira ndipo chinkhoswe chathu chikhalako mwezi wamawa. Ndikufuna kulengeza pa WhatsApp ndi pa Facebook, kameseji kakafupi kosangalatsa, koma chilichonse chomwe ndalemba chikumveka ngati ndakopera kwa anthu. Nditani? Tinakumana mu minibasi, zaka 3 zapitazo, iwo ndi aphunzitsi ine ndimasoka."

Achemwali, choyamba landirani nthungululu zanga, ndakondwa nanu zedi. Ndipo mukudziwa, meseji yanuyo mwailemba kale osazindikira, ili m'mawu anu omalizawo, a minibasi aja. Pamenepo mpamene ine ndinamwetulira powerenga, ndiye anzanunso adzamwetulira pomwepo.

Kayezedwe kamene ine ndimagwiritsa ntchito nkosavuta. Mukalemba, fufutani maina anu awiriwo, ikanipo maina a anthu ena aliwonse, kaya a neba wanu ndi chibwenzi chake. Ngati mesejiyo ikadali yoona, ndiye kuti si yanu, ndi ya aliyense. "Mulungu wachita, nthawi yake ndi yabwino, ndapeza nthiti yanga," awa ndi mawu oona ndithu ndipo sindikuwanyoza, koma Loweruka lililonse amalembedwa ndi anthu ambirimbiri mu Lilongwe muno, kuyambira ku Kawale mpaka ku Lumbadzi, nde munthu akamadutsa pa foni diso limangotsetsereka, amaika kamtima nkupitirira. Pofunika mzere umodzi wokha woti mukasintha maina ukhala bodza.

Mzere umenewo umapezeka bwanji? Osayamba ndi kulemba. Muimbireni mnzanu wapamtima, kapena mchemwali wanu, mumuuze pakamwa mmene zinayambira ngati simunamuuzepo. Mvetserani pomwe waseka kapena pomwe wati "aaa zoona?" Pamenepo mpomwe pali meseji yanu. Nthawi zambiri kamakhala kanthu kakang'ono kogwirika, malo, chinthu, mawu amene wina ananena, osati mawu akuluakulu ngati chikondi chosatha.

Tiyeni tiyese ndi yanuyo. Simunandiuze zonse za mu minibasimo, nde ndingopeka pang'ono kuti muone kapangidwe kake, inu mudzaikamo zenizenizo. Tinene kuti munakwera pa depoti madzulo, kondakitala analibe chenje nkukuphatikizani awirinu pa ndalama imodzi kuti mukagawane mukatsika, zija zimachitika tsiku ndi tsikuzi. Ambiri akanalemba chonchi:

"Ndikuthokoza Mulungu pondipatsa bwenzi labwino, lachikondi, lomvetsa. Ulendo wathu wakhala wautali koma Ambuye akhala nafe. Posachedwa tikhala thupi limodzi."

Palibe cholakwika, koma inuyo mulibemo, aphunzitsiwo mulibemo. Onani iyi:

"Zaka 3 zapitazo kondakitala wa minibasi ya ku 25 analibe chenje, anatiphatikiza ine ndi bambo ena osawadziwa kuti tikagawane. Mpaka lero sitinagawanebe. Ankhoswe akumana, makolo avomera, chinkhoswe chathu chikhalako mwezi wamawa. Mulungu ndi wabwino, sangalalani nafe!"

Ndi ziganizo zinayi basi. Choyamba ndi chachiwiri ndi zanuzanu, chachitatu chikunena nkhaniyo poyera kuti wina asachite kufunsa, chachinayi ndi chimwemwe. Mulungu sanachokemo, koma pano tikumuthokoza pa chinthu chomwe owerenga achiona ndi maso. Ngati mukufuna vesi ikani, ambiri amakonda Miyambo 18:22, koma ibwere pansi, itatha nkhani yanu, isalowe m'malo mwa nkhani yanu. Ndipo ngati ya chenjeyo siili yanu, mwina yanu ndi ya malaya omwe anabweretsa kuti muwasokere batani nkumabwerabe ndi ena opanda vuto, inu ndi telala, muli nazo zambiri zotere.

Utali wake usapitirire pamenepo. Pa Facebook meseji ikatalika amaidula nkuika See more, ndipo si onse amadina, bandulo ndi yodula. Muiwerenge mokweza, ikatenga nthawi yoposa mmene mungapatsire munthu moni panjira, dulani. Chilankhulo chikhale chomwe awirinu mumayankhulana. Ngati mumachezerana m'Chichewa musavutike ndi chizungu cholemera chomwe simunachinenepo pakamwa, chimaonekeratu kuti nchobwereka.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna nditsindike, chifukwa ichi chimaononga chimwemwe kuposa mawu okopera. Musanaponye kalikonse pa foni, funsani kuti ndani sanamve. Kwathu kuno nkhani ya banja imayenda ndi amalume ndi ankhoswe, mbali zonse ziwiri. Msuweni wanga wina anaika chithunzi cha mphete pa status usiku womwewo, mmawa azakhali akumudzi anali atamva kale kudzera kwa mwana wa neba yemwe ali ndi foni. Anakhumudwa kwambiri, amvekere "ife tasanduka anthu omvera kwa ana?" ndipo zinatengera amalume kuyenda ulendo kukapepesa chinkhoswe chisanachitike. Nde makolo, agogo, amalume, azakhali, akulu a kumpingo ngati mumapemphera, awa muwaimbire kapena muwafikire, kenako gulupu ya pabanja, pomaliza dziko lonse. Abwenzi anunso afunseni ngati kwawo amaliza, ndipo muwawerengere mesejiyo musanaitumize. Ndi mphunzitsi, ana asukulu ndi makolo awo adzaiona, mwina pali kanthu kena sangafune kamveke.

Munenenso momveka kuti chachitika nchiyani. Masiku ano kuvekedwa mphete ku lesitilanti ndi chinthu china, chinkhoswe chenicheni chija ankhoswe amasinthana tambala ndi nkhuku yaikazi, mnyamata nkupereka khasu ndi nkhwangwa, mtsikana lichero ndi mthiko, ndi chinanso. Mukangolemba kuti "zatheka" ndi chithunzi cha dzanja, ena adzaganiza kuti chinkhoswe chadutsa osawaitana, madandaulo nkuyamba. Nchifukwa chake mu chitsanzo chija ndinati "chikhalako mwezi wamawa".

Ndipo chonde, kulengeza ndi kuitana zisakhale meseji imodzi. Ndimaona anthu akulemba mawu okoma bwinobwino, pansi pake tsiku, malo, mtengo wa chitenje cha yunifomu, nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba. Zikatero chimwemwe chija chimamveka ngati kalata yopempha thandizo, munthu asanati nkomwe zabwino zonse wayamba kale kuwerengera m'thumba. Za chitenje ndi perekaniperekani zili ndi nthawi yake, zipite kwa oitanidwa okha patatha masiku angapo, kudzera kwa akomiti. Komanso mukaika malo ndi tsiku poyera mwaitana aliyense, mpunga sudzakwana.

Chithunzi chikhale chimodzi, chomwe nonse mukuoneka nkhope ndipo mukuseka zenizeni, ngakhale chojambulidwa pakhomo ndi foni ya mng'ono wanu. Status imafufutika pakatha maola 24, nde ngati mukufuna mudzaziwerengenso mayankho a anthu zaka zikubwerazi, ikaninso pa Facebook kapena jambulani sikirini musunge.

Mukalemba yanuyo munditumizire ndiione musanaponye, ndipo mundiuzeko zoona zake za mu minibasi muja, ndani anayamba kuyankhula?