Inswa zatuluka, ndibzale kapena ndidikire a zanyengo?

"Kwathu ku Balaka bambo anga amabzala akangoona inswa zatuluka ndi anamzeze akuuluka m'munsi. Ine ndimawauza kuti tidikire za pa wailesi. Akulondola ndani?"

Inswa sizilosera mvula, zimangochitira umboni mvula imene yagwa kale. Zimakhala m'chulu mapiko atamera, kudikira kuti nthaka ifewe kuti zikagwa pansi zikumbe ndi kuyamba chulu chatsopano. Anamzeze nawo amatsika potsatira tizilombo timene timauluka m'munsi mpweya ukachita chinyontho. Zonsezi n'zoona, koma zikunena za lero ndi mawa basi, ndiponso za pamudzi panu pokha. Mvula ya chizimalupsa ikagwa yamphamvu mu Okutobala, zulu zina zimatulutsa ndithu inswa. Wobzala tsiku limenelo mbewu yake imamera, kenako dzuwa la masabata awiri kapena atatu n'kuiotcha.

Chizindikiro chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi mphepo. Mpoto ukayamba kuomba masiku angapo motsatizana, usiku n'kumatentha mopanikiza, ndiye kuti mpweya wachinyontho wochokera ku Congo wayamba kulowa, ndipo ndi womwewo umene a zanyengo amautsatira pa makina awo. Apa agogo ndi asayansi akuwerenga chinthu chimodzi. Mwera ukabwereranso mwamphamvu, musathamangire khasu.

Koma palibe mbalame imene ingakuuzeni mu Novembala kuti mu Febuluwale kudzachita ng'amba. Apa sindinyengerera. Chaka cha 2023 zinadziwika mvula isanayambe kuti kuli El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kawirikawiri kumachepetsa mvula kum'mwera kwa Malawi. Mvula inagwa, anthu anabzala, ndiye mu Febuluwale 2024 inadula chimanga chili pafupi kumasula. Pofika mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Namzeze wa ku Balaka akanaidziwira kuti nyanja ya Pacific?

A zanyengo nawo ali ndi polekezera. Ulosi wa dzinja lonse umanena za mwayi chabe, ndiponso za dera lalikulu. Akati mvula idzakhala yochepa, sakutanthauza munda uliwonse, ndipo ambiri amene amati "anama" amakhala atamva ngati lonjezo.

Chochita nachi. Ulosi wa dzinja ukuthandizeni kusankha mbewu: chaka cha El Niño, yocha msanga, ndi mapira kapena chinangwa pambali. Tsiku lobzala liyezeni nokha. Ikani chitini chosapindika m'mbali, chofanana kukamwa ndi pansi, pamtetete kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo m'mawa uliwonse yezani madzi ndi rula n'kuwataya. Akakwana pafupifupi mamilimita 25 m'masiku atatu, kumbani muone ngati chinyezi chalowa kuya kwa chikhatho chonse. Mukatero mverani ulosi wa masiku asanu kapena khumi. Ukanena kuti mvula ipitirira ndipo mpoto ukuombabe, bzalani.