Katundu wachedwa pa boda, kasitomala ndimulembere zotani?

"Asisi, ine ndimasoka makatani ndi mabedishiti kuno ku Lilongwe. Bwana wina wa loji ku Salima anandipatsa oda ya zipinda 12, mawindo 24, analipira dipoziti ya K900,000, ndinamuuza kuti pa 15 Juni zonse zikhala zitafika. Lero ndi pa 19, nsalu ya makatani yomwe ndinagula ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam ikadali pa boda ya Songwe, tiransipota tsiku lililonse akungoti mawa. Mabedishiti okha ndi omwe ndamaliza. Bwanayo akufuna zonse isanafike holide ya pa 6 Julaye ndipo foni yake ndikuiopa. Ndimulembere bwanji zopepesa osamunamizanso?"

Asisi anga, lembani lero lomwe, musadikire kuti thiraki iyambe yanyamuka kuti mukhale ndi nkhani yabwino yowauza, chifukwa masiku anayi mwakhala cheteyo akuwapweteka bwanawo kuposa kuchedwa kwa nsalu. Munthu amene anapereka K900,000 akaona foni yake sikuyankhidwa saganiza za Songwe ayi, amaganiza kuti ndalama zija zadyedwa, ndipo mwina wayamba kale kufunsa anzake kuti kodi mayi ameneyu mumamudziwa.

Koma musanagwire foni yambani mwatenga pepala muwerengere masiku, poti vuto lonse la meseji yopepesa limakhala pa deti yatsopano. Munthu ukachita manyazi umafuna kumutonthoza mnzako msanga, ndiye umangotenga "mawa" wa tiransipota uja n'kuwonjezerapo masiku awiri n'kulemba kuti Lolemba zifika. Lolembalo likakwana ulinso m'madzi, ndipo pepani wachiwiri palibe amamumvanso. Tiransipota akamati mawa si kuti nthawi zonse akunama, iyenso wangouzidwa ndi ejenti wokiliya. Thiraki zonyamula katundu wa anthu ambirimbiri zimatero, mapepala a munthu mmodzi akavuta kapena wina sanatumize ya dyute, nonse mumaima. Ndiye mufunseni mafunso oti sangayankhe ndi mawa: dyute yalipiridwa kapena ayi, thiraki ili mbali ya Kasumulu kapena yawoloka kale mlatho ili mbali yathu, ndipo chomwe chikudikiridwa kwenikweni n'chiyani. Akutumizireni chithunzi cha thirakiyo pomwe yaima. Ngati akuzembazemba pa mafunso amenewa dziwani kuti nkhani ikadali kutali.

Tsopano werengani kuchokera tsiku lomwe thiraki idzatuluke pa geti, osati kuchokera lero. Kuchoka pa Songwe kudzera ku Karonga, kukwera Chiweta, Mzuzu mpaka Lilongwe ndi makilomita opitirira 600, ndipo thiraki yolemera yomwe mwina ikutsitsanso mabelo a anthu ena m'njira ine ndimaipatsa masiku awiri. Tsiku lina ndi lotsitsa ndi kupeza belo lanu pakati pa mabelo a anzanu. Kusoka mukudziwa ndinu, koma tingoyerekeza kuti inu ndi telala wanu mumatha mawindo 6 pa tsiku, ndiye mawindo 24 ndi masiku anayi. Lina lopita ku Salima kukapachika. Apa akwana 8, ndipo ndi 8 woti magetsi sanazime, telala sanapite ku maliro, dizilo wapezeka. Ikanipo awiri ena a zimenezo akwane 10. Nambala imeneyi ndi yomwe ilowe mu meseji, osati 8 ayi, olo mtima ukukuuzani kuti mutha kusoka usiku.

Nambala yomweyo ikupatsaninso chinthu china chofunika kwambiri. Kuti makatani akhale atapachikidwa pa 4 Julaye, thiraki ikuyenera kutuluka pa Songwe pasanadutse pa 24 Juni. Likadutsa tsiku limenelo nsalu ya ku Kariakoo ija siingathandizenso pa holideyi, ndipo bwanawo akuyenera kudziwa zimenezi lero, akadali ndi mpata wopeza njira ina, osati kudzazimva pa 3 Julaye alendo atabukitsa kale.

Ndiye mu meseji lonjezani zokhazo zomwe zili m'manja mwanu. Kutuluka kwa thiraki sikuli m'manja mwanu. Koma kutumiza mabedishiti omwe mwamaliza kale kuli m'manja mwanu, kuwalembera Lolemba 5 koloko isanakwane kuwauza pomwe nkhani yafika kuli m'manja mwanu, masiku osokera nsalu ikafika alinso m'manja mwanu. Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, chomwe mwalemba pa WhatsApp munthu amachita siklinishoti n'kusunga, tsiku la mkangano adzakuwerengerani mawu anu omwe.

Ine ndikanalemba chonchi:

"Bwana, mwaswera bwanji. Ndinalonjeza kuti makatani ndi mabedishiti anu afika pa 15 Juni ndipo sindinakwanitse, komanso ndakhala masiku anayi osakuuzani chilichonse. Pepani kwambiri pa zonse ziwirizi, ndikudziwa kuti mukukonzekera alendo a pa 6 Julaye.

Nsalu ya makatani ili pa boda ya Songwe, siinakiliyidwe. Tsiku lomwe ituluke sindingalitchule chifukwa sindikulidziwa. Ikatuluka ndifunika masiku 10 kuti ifike, ndisoke ndi kudzapachika.

Mabedishiti a zipinda zonse 12 ndamaliza, ndibwera nawo Loweruka pa 21, mayendedwe ndilipira ndekha. Lolemba pa 23 ndikulemberani 5 koloko isanakwane, kaya nsalu yatuluka kaya ayi.

Ikakhala kuti siinatuluke pofika pa 24, makatani amenewa sangathe holide isanafike. Zikatero mutha kusankha kuti ndigule nsalu ina konkuno ndisokere kaye zipinda zomwe zabukidwa, mutaiona kaye mtundu wake, kapena mudikire yomwe munasankha ija. Chonde ndiuzeni zipinda zomwe zili ndi alendo pa holideyi kuti ndidziwe poyambira. Zikomo."

Mwaona pepani alimo kamodzi basi. Ife timakonda kumuika pa mzere uliwonse, pepani bwana, mundikhululukire bwana, ndagwira mwendo bwana, mpaka munthu amawerenga meseji yonse osapeza kuti katundu wake ali kuti. Ulemu ukhalepo inde, moni wabwino, "bwana" wakeyo, kuwatchula kuti inu, koma akamaliza kuwerenga adziwe pomwe pali nsalu, chomwe alandire Loweruka ndi tsiku lomwe amvenso kuchokera kwa inu. Ndipo ndalemba kuti "sindinakwanitse", sindinayambe ndi tiransipota. Bwanawo sanagwirizane ndi tiransipota, anagwirizana ndi inu, tiransipotayo munamusankha ndinu. Chifukwa chake chitchulidwe mwachidule ngati mmene ndachitiramo, chiganizo chimodzi, koma mukayamba kufotokoza za ejenti, za netiweki ya pa boda, za mvula, za mlamu wa dalaivala, zimamveka ngati mukudzichotsapo olo zonsezo zili zoona.

Za maliro ndi matenda ongopeka musayerekeze n'komwe. Salima si kutali, tsiku lina adzakumana ndi "malemu" aja pa depoti.

Mawu ena omwe ndawasiya dala ndi aja oti "posachedwapa", "sabata ya mawa yomweyi", "ndiyesetsa", "zili bwinobwino musadandaule". Inu mukamalemba posachedwapa mumatanthauza masiku 10, iwo amamva masiku awiri, ndiye Loweruka foni yayambanso kulira. "Mulungu akalola" tonse timanena ndipo n'zoona, koma mu meseji ya ndalama za munthu asalowe m'malo mwa deti, ena amangomva kuti mayiwa akonzeratu pothawira. Chimodzimodzi "sizidzachitikanso", inu nsalu mudzapitiriza kugula ku Kariakoo ndipo boda idzakhala yomweyo, mungalonjeze bwanji?

Pa ndalama ndi pomwe anthu ambiri amadzimangirira chingwe okha. Mu meseji yanga ija simuli mawu oti ndikubwezerani dipoziti, chifukwa ndikuganiza kuti K900,000 ija inalowa kale mu nsalu ndi mayendedwe, ndanama? Ngati mulibe ndalamayo pa Mpamba kapena ku banki lero, musalembe kuti "ngati mukufuna ndikubwezerani", poti munthu wokwiya amangoyankha kuti chabwino tumizani, ndiye mwapanga ngongole yatsopano pamwamba pa yakale. Akafunsa okha za kubweza musakanenso, ndalama ndi zawo ndipo deti munaiphonya ndinu, koma khalani pansi muchotsere mtengo wa mabedishiti omwe alandira, yotsalayo muwauze zoona kuti mungabweze zingati pa tsiku liti, olo zikhale kawiri. Njira ija yogula nsalu ina m'tauni nayonso muyambe mwaifufuza musanatumize meseji, pitani m'mashopu a ku Eriya 2 muone ngati mtundu woyandikira ulipo wokwanira komanso mtengo wa mita, chifukwa udzakhala wokwera kuposa wa ku Dar, ndipo mudziwiretu kuti kusiyanako alipira ndani. Ine ndimaona kuti n'kwanu, nchifukwa chake ndati zipinda zobukidwa zokha osati zonse 12. Ngati ndalama yake mulibe chotsanimo chiganizo chimenecho.

Disikaunti musathamangire kuitchula. Mayendedwe a mabedishiti mwalipira nokhawo ndi chipepeso chokwanira pa lero, zinazo mudzakambirana makatani ali pa windo mutaona kuti mwachedwa masiku angati, mukatchula 10 peresenti lero kenako n'kuchedwanso sabata ina adzafuna 20.

Tumizani zolemba, osati voisi noti. Voisi noti imatalika, mawu amanjenjemera, ndipo ukamalankhula ndi pomwe "ndithu ndithu bwana Lachitatu" amatulukira osamufuna. Ngati kotesheni munatumiza pa imelo yankhani pa imelo yomweyo kuti zonse zikhale pamodzi, pa WhatsApp muikenso mawu omwewo. Pakapita mphindi zingapo imbani foni, chifukwa kwathu kuno munthu wamkulu kungomulembera osamuimbira amaona ngati mwano, koma pafonipo musawonjezere deti ina iliyonse. Adzakupanikizani ndithu, "mayi tangondiuzani tsiku", inu muziti bwana ndikatchula tsiku ndikhala ndikukunamizani, chomwe ndikudziwa ndi masiku 10 thiraki ikatuluka, ndipo Lolemba mumva kwa ine. Mwina akalipa, asiyeni akalipe, musawadule mawu.

Lolembalo lembani olo palibe chasintha, ikani alamu ya 4 koloko pa foni. Mizere iwiri yakwana: nsalu ikadali pa Songwe, dyute yalipiridwa kapena siinalipiridwe, mawa ndi tsiku lija tinagwirizana losankha njira, nazi zithunzi za nsalu zitatu zomwe ndapeza m'tauni. Ikakhala kuti yatuluka musasangalale n'kudula masiku aja kukhala 6, alembeni 10 omwewo ndipo tsopano mutha kutchula deti yeniyeni, mwachitsanzo ikatuluka pa 23 ndiye kuti pa 3 Julaye. Loweruka mukamapita ndi mabedishiti tengani tepi muyezenso mawindo onse 24 ndi njanji zake, kuti nsalu ikafika mungodula.