Chifukwa chake A ndi B amasinthana malo tikatembenuza zochulukitsa

Funso lomwe ndalandira pa imelo likuti: "Tinaphunzira kuti (A + B)ᵀ = Aᵀ + Bᵀ, koma pochulukitsa akuti (AB)ᵀ = BᵀAᵀ. N'chifukwa chiyani B akubwera kutsogolo? Ine ndinayesa ndi mamatirikisi awiri okhala ndi manambala pamzere wa dayagonolo pokha, ndipo AᵀBᵀ inandipatsa yankho lolondola."

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, ndipo munachita bwino kuyesa nokha m'malo mongoloweza. Zimene munapeza n'zoona ndithu, kungoti mamatirikisi amene munasankha ndi a mtundu umene sungaonetse vutoli, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Tiyambe ndi zimene tiransipozi, yomwe chizindikiro chake ndi ᵀ, imachita. Imatenga mzere uliwonse wopingasa n'kuusandutsa mzere wotsika, kotero kuti nambala imene inali pamalo (i, j), kutanthauza mzere wopingasa wa i ndi mzere wotsika wa j, imasamukira pamalo (j, i), ndipo matirikisi ya 2×3 imakhala ya 3×2. Malamulo enawo ndi osavuta. Mukatembenuza kawiri mumabwerera pomwe munayambira, (Aᵀ)ᵀ = A; nambala yochulukitsira matirikisi yonse sikhudzidwa, (cA)ᵀ = cAᵀ; ndipo pophatikiza, nambala iliyonse imakumana ndi inzake ya pamalo omwewo, choncho awiriwo amasamukira limodzi popanda chosokoneza.

Kuchulukitsa n'kosiyana chifukwa mamatirikisi awiriwo sagwira ntchito yofanana. Wa kumanzere amapereka mizere yopingasa, wa kumanja amapereka mizere yotsika, ndipo nambala iliyonse ya mu AB imabadwa pamene mzere umodzi wopingasa wa A wakumana ndi mzere umodzi wotsika wa B. Tsono tiransipozi imasintha zinthu ziwiri zomwezi. Mizere yopingasa ya A imakhala yotsika mu Aᵀ, ndipo wopereka mizere yotsika malo ake ndi kumanja. Mizere yotsika ya B imakhala yopingasa mu Bᵀ, ndiye malo ake ndi kumanzere. Lamulo lonse lagona pamenepa, ndipo amene wamvetsa izi safunikanso kuliloweza.

Tione ndi manambala:

```
A = [1 2]   B = [0 1]   AB = [10  5]
    [3 4]       [5 2]        [20 11]
```

Tikatembenuza AB, 20 amakwera kupita pamwamba kumanja ndipo 5 amatsikira pansi kumanzere. Tsopano titembenuze A ndi B payekhapayekha, kenako tichulukitse m'njira zonse ziwiri:

```
Aᵀ = [1 3]   Bᵀ = [0 5]
     [2 4]        [1 2]

BᵀAᵀ = [10 20]   AᵀBᵀ = [3 11]
       [ 5 11]          [4 18]
```

BᵀAᵀ ndiyo ikufanana ndi (AB)ᵀ, pamene AᵀBᵀ yasochereratu. Ndikupempha kuti muyang'anitsitse nambala imodzi yokha, 20 uja. Mu AB anachokera ku mzere wachiwiri wopingasa wa A, womwe ndi (3, 4), ndi mzere woyamba wotsika wa B, womwe ndi (0, 5), motero 3×0 + 4×5 = 20. Mu BᵀAᵀ, (0, 5) yemweyo tsopano wagona ngati mzere woyamba wopingasa wa Bᵀ, ndipo (3, 4) waimirira ngati mzere wachiwiri wotsika wa Aᵀ, motero 0×3 + 5×4 = 20. Manambala ndi omwewo, ophatikizidwa awiriawiri mofanana, ndipo chasintha n'chakuti 4×5 walembedwa 5×4, zimene kwa manambala wamba zilibe kanthu. Umboni wa lamuloli ndi womwewu, kungoika zilembo m'malo mwa manambala: nambala ya pamalo (i, j) mu (AB)ᵀ ndi ya pamalo (j, i) mu AB, imene imachokera ku mzere wopingasa wa j wa A ndi mzere wotsika wa i wa B, ndipo mizere imeneyi ndiyo mzere wotsika wa j wa Aᵀ ndi mzere wopingasa wa i wa Bᵀ.

Nanga AᵀBᵀ ndi chiyani? Lamulo lomweli likutiuza kuti ndi (BA)ᵀ. Mukachulukitsa B ndi A pachitsanzo chathu mupeza (3, 4) pamwamba ndi (11, 18) pansi, ndipo mukatembenuza mupeza zomwe zili kumanja kuja. Choncho AᵀBᵀ imafanana ndi (AB)ᵀ pokhapokha ngati AB = BA. Apa ndi pamene mayeso anu anakusokeretsani, chifukwa mamatirikisi awiri a dayagonolo a kukula kofanana nthawi zonse amapereka AB = BA, ndipo ngakhale tiransipozi yeniyeniyo siwasintha n'komwe. Zimakhalanso chimodzimodzi mukayesa ndi matirikisi ya I, yokhala ndi 1 padayagonolo ndi 0 pena ponse, kapena mukachulukitsa A ndi A yemweyo. Poyesa lamulo la mamatirikisi, sankhani okhala ndi manambala osiyanasiyana pamwamba ndi pansi pa dayagonolo.

Pali msampha wina umene ndikufuna muudziwe, chifukwa umagwira ngakhale anthu osamala. Munthu akafuna kutsimikiza yankho mwachangu, amakonda kuwerengera ditaminanti. Koma ditaminanti ya yankho lolondola ndi 10×11 − 20×5 = 10, ndipo ya yankho lolakwika ndi 3×18 − 11×4 = 10. Mukaphatikiza manambala a padayagonolo, konsekonse mupeza 21. Izi sizinangochitika mwamwayi: kwa mamatirikisi a sikweya, AB ndi BA nthawi zonse amagwirizana pa zinthu ziwirizi, ndipo tiransipozi sizisintha, kotero njira zimenezi sizingakuuzeni kuti mwalakwitsa dongosolo.

Njira yodalirika, imene ine ndimaiona kuti ndiyo yoyenera kuyamba nayo, ndi kuona kukula kwa mamatirikisi. Tinene kuti A ndi ya 2×3 ndipo B ndi ya 3×4. AB ikhala ya 2×4, ndipo tiransipozi yake ikhala ya 4×2. Aᵀ ndi ya 3×2 pamene Bᵀ ndi ya 4×3. Mukayesa AᵀBᵀ, manambala apakati ndi 2 ndi 4, sakugwirizana, ndiye kuchulukitsako sikungatheke n'komwe. Mukayesa BᵀAᵀ, apakati ndi 3 ndi 3, ndipo chotuluka ndi 4×2 monga tikufunira. Ngati mwaiwala lamuloli pamayeso, lembani kukula kotereku m'mphepete mwa pepala, koma onetsetsani kuti manambala akunja, monga 2 ndi 4 apa, ndi osiyana, chifukwa akafanana njira zonse ziwiri zimatheka.

Mamatirikisi akakhala atatu, tengani AB ngati chinthu chimodzi n'kugwiritsa ntchito lamuloli kawiri: (ABC)ᵀ = Cᵀ(AB)ᵀ = CᵀBᵀAᵀ. Dongosolo lonse limayambira kumapeto.

Phindu la lamuloli limaonekera bwino pa mamatirikisi a simetiriki, omwe tiransipozi siwasintha. Pa A ya kukula kulikonse, (AᵀA)ᵀ = Aᵀ(Aᵀ)ᵀ = AᵀA, kutanthauza kuti AᵀA nthawi zonse ndi ya simetiriki. Koma musafulumire kuganiza kuti kuchulukitsa mamatirikisi awiri a simetiriki kumabala wa simetiriki. Ngati S ndi T ndi otero, (ST)ᵀ = TᵀSᵀ = TS, ndipo TS siyenera kufanana ndi ST. Tengani S wa mizere yopingasa (1, 2) ndi (2, 0), ndi T wa mizere yopingasa (0, 1) ndi (1, 3). ST ituluka (2, 7) pamwamba ndi (0, 2) pansi, ndipo 7 ndi 0, amene anayenera kufanana, sakufanana.